Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaigogoda, nkhono imabwerera m'chigoba. Kasitomala amene wangoti zii pa imelo yako ali chimodzimodzi.

Tinene kuti watumiza mitengo ya katundu Lolemba. Usamukumbutse Lachiwiri, mwina sanawerenge n'komwe. Dikira mpaka Lachinayi m'mawa, ulembe mizere iwiri pansi pa imelo yoyamba ija. Akapanda kuyankha, papite sabata yathunthu, ndipo ulendo uno umupatse chatsopano, monga tsiku limene katundu angafike. Imelo yomaliza idikire masabata awiri, yomuuza mwaulemu kuti usiyira pomwepo.

Mpata uzikula chifukwa chete wautali amasonyeza kuti munthuyo sanakonzeke. Maimelo a tsiku ndi tsiku amangomutsekera m'chigoba.