Mfundo zofunika pa masamu a ulendo ndi a ndalama

Mayeso a MANEB akayandikira, ana athu kuno ku Balaka amajambula mapepala a masamu pafoni n'kutumizirana. Mafunso amene amawagwetsa kawirikawiri ndi a liwiro, mtunda ndi nthawi, komanso osintha ndalama. Ambiri njira amaidziwa ndithu. Chimene amataya ndi mayunitsi, timalembo tija timene timanena ngati nambala ikuwerenga makilomita, mphindi kapena makwacha.

1. Usayankhe funso limene sunalione lonse. Chithunzi chojambulidwa madzulo, pepala litapindika, chimameza kadontho, ndipo maola 1.5 amaoneka ngati 15. Nthawi zina mzere wonena mtengo wa randi umatsala kunja kwa chithunzi. Kopera funso lonse m'kope, nambala iliyonse pamodzi ndi yuniti yake, ndipo pamene sipakuoneka bwino pempha kuti ajambulenso. Kufunsa kulibe manyazi. Kulota nambala n'kudzinamiza wekha.

2. Nthawi ili ndi mawerengedwe ake, ilemekeze. Kuchokera pa Balaka kufika ku Liwonde ndi makilomita pafupifupi 30. Tinene kuti funso likuti minibasi yayenda mtundawu mphindi 45, ndipo likufuna liwiro mu km/h. Liwiro timalipeza pogawa mtunda ndi nthawi, koma popeza yankho likufuna maola, mphindi zija ziyambe zasanduka maola. Apa ndiye pamagwera ambiri, chifukwa amalemba 0.45. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100, choncho:

45 ÷ 60 = 0.75 h
30 km ÷ 0.75 h = 40 km/h

Wolemba 0.45 amapeza pafupifupi 67 km/h. Choopsa chake n'chakuti yankho limeneli limaoneka labwinobwino, poti minibasi imathamangadi chotero. Njira yoligwirira bodza ndi kubwerera nalo ku funso. Galimoto yothamanga 67 km/h ikanamaliza makilomita 30 theka la ola lisanakwane, pamene funso lati mphindi 45. Kuyesa yankho lako sikutha ngakhale mphindi imodzi, ndipo ine ndimakhulupirira mwana amene amatero kuposa amene amamaliza msanga.

3. Chooneka chachidule sindicho choona nthawi zonse. Munthu wapita ku Liwonde pagalimoto pa 60 km/h, pobwerera wapalasa njinga pa 15 km/h. Kodi liwiro la ulendo wonse ndi lotani? Mtima umathamangira kuphatikiza 60 ndi 15 n'kugawa pawiri, n'kupeza 37.5. Koma popita anatha theka la ola, pobwerera maola 2. Mtunda wonse ndi 60 km, nthawi yonse ndi 2.5 h, ndiye liwiro ndi 24 km/h. Yankho latsikira kufupi ndi liwiro la njinga chifukwa munthuyu nthawi yambiri anaithera panjingapo. Wakabaza aliyense akhoza kukuuza zimenezi ngakhale sanagwirepo kakyuleta.

4. Pa ndalama, yamba wadzifunsa kuti yamphamvu ndi iti. Mabanja ambiri ku Balaka ndi ku Machinga ali ndi wachibale ku Joni, motero funso la randi si lachilendo pakhomo. Tiyerekeze kuti pepala lati R1 = K95, ndipo achimwene atumiza R800.

R800 × K95 ÷ R1 = K76,000

Taona mmene R wa pamwamba akufafanizirana ndi R wa pansi, n'kutsala K yekha. Amene wagawa 800 ndi 95 amapeza 8.42, ndipo akanalemba K patsogolo pake akanadzidzimuka yekha, chifukwa palibe amene angatumize ndalama kuchokera ku Joni zosakwana kugula bokosi la machesi. Randi imodzi imabala makwacha ambiri, choncho nambala ya makwacha iyenera kukula.

5. Gwiritsa ntchito mtengo umene wapatsidwa, osati umene unamva pamsika. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero mapepala akale ali ndi mitengo yooneka yachilendo lero. Usaikonze. Funso limayankhidwa ndi nambala zake zomwe.

6. Dziwa mbali imene waima. Mafunso ena amapereka mitengo iwiri, tinene K93 pogula ndi K97 pogulitsa. Mawu amenewa akunena za banki, osati za iwe. Ukabwera ndi R800 m'manja, banki ndiyo ikugula, ndipo ulandira K74,400. Ukafuna R800 zoti upite nazo ku Joni, banki ikugulitsa, ndipo ulipira K77,600. Kusiyana kwa K3,200 ndilo phindu la wosintha ndalama. Ngati masamu ako akuonetsa kuti ungagulitse randi, n'kuziwombolanso pomwepo, iwe n'kutsala ndi ndalama zapamwamba, dziwa kuti wasinthanitsa mitengo iwiriyo.