Macbeth ndi Kino Akoke Ngolo Imodzi

Inu a Folomu 4 kuno ku Ludzi, dzukani, tengani zolembera! Aphunzitsi akalemba pabolodi kuti mufananitse ndi kusiyanitsa Macbeth ndi Kino wa m'buku la The Pearl, musachite njenjenje. Mabuku onse awiri munawerenga, ndipo nkhani zake mumazidziwa. Chatsala ndi kamangidwe ka chimangirizo basi.

Ambiri amagwa motere: tsamba lathunthu kusimba za Macbeth, lina kusimba za Kino, kumapeto kamzere kamodzi koti onse anali adyera. Kumeneko n'kumangirira ng'ombe ina pamtengo uwu, ina pamtengo uwo, n'kumadabwa kuti ngolo sikuyenda. Amangeni pagoli limodzi anthu awiriwa! Goli lake ndi mfundo, ndipo ndime iliyonse ya thunthu inyamule mfundo imodzi, onse awiri ali momwemo.

M'chiyambi tchulani maina awo, mabuku ndi alembi ake, William Shakespeare ndi John Steinbeck, kenaka nenani mosapsatira pomwe mwaima. Mwachitsanzo: onse anakhetsa magazi pofuna kukwera, koma Macbeth anayamba ali kale pamwamba, pomwe Kino anayamba ali pachipata cha dokotala amene anakana kuthandiza mwana wake Coyotito atalumidwa ndi chinkhanira. Mfundo zitatu zikukwanirani: chomwe chinawakoka, mawu a akazi awo, ndi mathero awo.

Tiyeni timange ndime ya akaziyo, chifukwa ndi pomwe pali mnofu. Yambani ndi pofanana: aliyense anali ndi mkazi womulankhula pa nthawi yovuta. Tsopano pindani ndi mawu oti "koma". Macbeth atafuna kubwerera m'mbuyo, mkazi wake anamunyoza kuti si mwamuna, mpaka iye anapha mfumu Duncan, mlendo m'nyumba mwake momwe. Juana, mkazi wa Kino, anachita zosiyana: anachonderera Kino kuti ataye ngale imene anaipeza, ndipo atazemba usiku kuti akaiponye m'nyanja, Kino anamumenya. Musalekere pomwepo, poti malikisi abisala m'chiganizo chotsiriza, chonena tanthauzo: wina anawonongeka pomvera mkazi, wina posamvera. (Kwa ine, Kino ndiye womvetsa chisoni, koma inu mukhoza kunditsutsa bola mubweretse umboni.)

Pa mathero awo chitani chimodzimodzi. Macbeth anakakamira mpando mpaka Macduff anamudula mutu; Kino, mwana atafa ndi chipolopolo, anaibwezera yekha ngale m'nyanja.

Mukamaliza, dziyeseni. Lozani ndime iliyonse ndi chala. Ngati muli dzina limodzi lokha, ng'ombe ina yathawa pagoli, ibwezeni. Ngati mwalemba "kenaka" kasanu, mwayamba kusimba nthano, simukufananitsanso.

Musadikire kuti mayeso a MANEB ayandikire. Madzulo ano, nthawi yowerenga ikakwana, lembani ndime imodzi yokha ya chomwe chinawakoka amuna awiriwa, mawa m'mawa mukaipereke kwa aphunzitsi aichonge.