Mukaima pa bedi la munthu wovulala mutu

Ana anga, nonse amene mwayamba kugwira ntchito mu wodi, bwerani pafupi tikambirane za manambala atatu aja mumalemba pa tchati cha wodwala amene ali chikomokere. Tebulo lake ambiri mwa inu munaliloweza kale chifukwa limabwera pa mayeso. Koma ndikamayang'ana manja anu pa bedi, ndimaona kuti nambala mumaisankha mumtima musanamukhudze n'komwe wodwalayo. Mumamuyang'ana, mumati uyu akuoneka ngati wa 10, kenako mumagawa 10 uja patatu. Chizolowezi chimenecho chithe.

Sikeloyi anaikonza madokotala awiri a ubongo ku Glasgow, a Graham Teasdale ndi a Bryan Jennett, ndipo anaisindikiza mu 1974. Vuto limene ankafuna kuthetsa tili nalo mpaka lero. Namwino wa usiku ankalemba kuti wodwala "akusinza", wa m'mawa n'kulemba kuti "wakomoka pang'ono", ndipo palibe akanadziwa ngati munthuyo akutsika kapena akukwera. Tsono anati tisiye mawu oterowo, tizilemba zimene wodwala wachita ndi maso, ndi pakamwa, ndi mikono. Pa tchati mudzaona E wa maso, V wa kulankhula, M wa kuyendetsa thupi. Maso amayambira 1 kufika 4, kulankhula 1 kufika 5, kuyendetsa thupi 1 kufika 6. Zonse pamodzi sizitsika kupitirira 3 ndipo sizikwera kupitirira 15. Ziro kulibe pa sikelo imeneyi.

Musanamuyese munthu, yambani mwafufuza zimene zingamulepheretse kuyankha. Kodi zikope zatupa mpaka kutsekeka? Ali ndi chubu pakhosi? Amubaya dayazepamu posachedwa chifukwa cha kukomoka kwa khunyu? Amamva bwino m'makutu? Funsaninso omudikirira kuti kunyumba amalankhula chilankhulo chiti. Agogo a ku Mangochi amene amalankhula Chiyao, kapena bambo a ku Rumphi amene mukuwafunsa m'Chichewa chothamanga, akhoza kukhala chete pomwe ubongo wawo uli bwinobwino. Mukatero imani kaye osamugwira, muone zimene akuchita yekha. Kenako mulankhuleni, choyamba ndi mawu wamba, akapanda kuyankha mukweze. Kumupweteka kumabwera pomalizira, zonsezi zikakanika.

Za maso sindichedwapo. Mukamupeza ali chiyang'anire musanachite kanthu, ndi 4. Akatsegula mutamuitana, 3. Akatsegula pokhapokha mutamupanikiza chala, 2. Akapanda kutsegula, 1. Popanikiza, ikani cholembera chopingasa pa chikhadabo, muziwonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka masekondi 10. Poyesa maso musapanikize pa nsidze, chifukwa munthu akamva kupweteka pamenepo amatsinzina, ndipo inu mudzalemba 1 pomwe akanatsegula. Usiku wodwala amagona ngati wina aliyense, choncho mudzutseni mokwanira kaye, muone ngati maso akukhalabe otsegula.

Pa kulankhula, 5 ndi wa munthu amene wakuuzani molondola dzina lake, malo amene ali, ndi mwezi umene tili. Akaphonya chimodzi koma akulankhula ziganizo zomveka, ndi 4. Apa ndi pamene mtima wachifundo umakunamizani. Bambo wina amakulonjerani mwaulemu, "Zikomo anamwino, ndili bwino," inu n'kulemba 5 osamufunsa kanthu. Mukanamufunsa akanakuuzani kuti ali ku msika. Akamatulutsa mawu amodziamodzi osalumikizana, monga kuitana "amayi" kapena kutukwana, ndi 3. Kubuula kopanda mawu ndi 2, ndipo kukhala duu ndi 1.

Tsopano mikono, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa gawo ili ndi limene limanena zambiri za ubongo, komanso ndi limene limalakwika kwambiri.

M6 ndi wa munthu womvera zimene mwamuuza. Musangoika zala zanu m'dzanja lake n'kunena kuti "finyani". Dzanja la munthu wovulala ubongo limatha kufumbata lokha chilichonse chimene chalikhudza, monga amachitira khanda. Muuzeni zinthu ziwiri: afinye, kenako asiye. Kapena atsegule pakamwa, atulutse lilime, alibweze. Njira ya lilimeyi ndi yothandizanso mukamakayika kuti wathyoka khosi ndipo mikono siingayende.

Akapanda kumvera, tsinani mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa, mwamphamvu ndithu, mpaka masekondi 10. Mukhozanso kupanikiza ndi chala chachikulu pa kampata ka fupa la pansi pa nsidze, cha kufupi ndi mphuno, koma osati kwa munthu amene wavulala kumaso. Ndiye yang'anani dzanja lake kumene likupita. Likakwera kudutsa fupa lopingasa lija la m'munsi mwa khosi, kufuna kuchotsa dzanja lanu, ndi M5: ubongo wadziwa pamene pakupweteka. Likapanda kufika pamenepo, sali pa 5, ngakhale mkono utagwedezeka chotani. N'chifukwa chake kupanikiza chikhadabo kokha sikukwanira pa gawo ili. Munthu akachotsa chala chimene mwachipanikiza, simungadziwe ngati akanatha kulondola ululu. Ndipo kutikita fupa la pachifuwa ndi nkhonya, kumene ena a inu mwaona akuluakulu akuchita, kusiyeni. Kumasiya mikwingwirima, komanso dzanja limakhala kale pafupi ndi chifuwa, choncho simusiyanitsa 5, 4 ndi 3.

Kusiyanitsa 4 ndi 3 kumafuna diso lozolowera. Pa M4 chigongono chimapinda msanga, mkono umathawa kuchoka ku thupi, ndipo mukabwereza samachita chimodzimodzi nthawi zonse. Pa M3 kupindako kumachitika pang'onopang'ono, mkono umabwera pachifuwa, dzanja limapotoka, chala chachikulu chimalowa m'kati mwa nkhonya, miyendo imawongoka gwa, ndipo mukabwereza amachita zomwezo ndendende. M2 ndi pamene chigongono chikuwongoka m'malo mopinda, mkono n'kupotokera m'kati. M1 ndi kusayenda konse. Muziyesa mikono yonse iwiri ndipo mulembe nambala ya mkono umene wachita bwino. Kufooka kwa mkono winawo mukulembe padera, chifukwa nakonso ndi nkhani imene dokotala akuifuna. Miyendo musaidalire, pakuti mwendo umatha kudzikoka chifukwa cha mitsempha ya mumsana ubongo usakudziwa kanthu.

Tiyerekeze ndi munthu mmodzi, wa mtundu umene mudzaulandire kawirikawiri. Mnyamata wa kabaza wagwa ndi njinga yamoto alibe chipewa, wamenyetsa mutu cha pamwamba pa khutu la kumanja. Anakomoka pang'ono, n'kutsitsimuka. Akumununkha mowa. Nthawi ya 8 koloko usiku mukumupeza maso ali otseka, mukamuitana akutsegula. Dzina lake akulidziwa, koma akuti ali pa siteji akudikira makasitomala. Akufinya ndi kusiya mukamuuza. Mulemba E3 V4 M6, zonse 13. Muyezenso shuga nthawi yomweyo, chifukwa shuga wotsika amatsitsa manambalawa ndipo amakonzeka m'mphindi zochepa.

Munthu ngati uyu amafunika kumuonanso theka lililonse la ola mpaka atafika pa 15. Ndikudziwa mmene wodi imadzazira usiku, koma musunthireni pa bedi loyandikana ndi tebulo lanu. Pa 9 koloko akutsegulabe maso mukamuitana, koma tsopano akungoti "amayi, amayi", ndipo mukamuuza kuti atulutse lilime sakuchita. Mukamutsina paphewa, dzanja lamanja likukwera mpaka pakhosi kukankha lanu, lamanzere likungopinda pang'ono. Imeneyo ndi E3 V3 M5, zonse 11, ndi mkono wamanzere wofooka. Omudikirira adzakuuzani kuti musiyeni agone, ndi mowa. Musavomere. Mowa umachepa m'thupi maola akamapita, choncho woledzera amayenera kukwera, osati kutsika. Mnyamatayu watsika ndi mapointi awiri m'ola limodzi, ndipo limodzi mwa iwo ndi la M. Pansi pa fupa lopyapyala la pamwamba pa khutu pamadutsa mtsempha wa magazi. Ukang'ambika, magazi amaunjikana pakati pa chigaza ndi chikuta cha ubongo, ndipo munthu amene amalankhula nanu madzulo akhoza kumwalira kusanache. Tengani tochi muone timaso takuda ta pakati: ka kumanja kakayamba kukula ndi kuchedwa kuchepa mukawalitsa, ubongo ukupanikizika. Itanani mnzanu ayesenso pomwepo kuti mutsimikizane, koma musachedwe nazo. Imbirani dokotala kapena akiliniko, ndipo pa foni musanene kuti "akuoneka kuti wafooka". Nenani kuti pa 8 koloko anali E3 V4 M6, tsopano ali E3 V3 M5, mkono wamanzere wafooka, diso lamanja latere. Mawu otero amadzutsa munthu pa mpando.

Mukadikira mpaka afike pa 8 kapena kutsika apo, walowa m'gulu la ovulala kwambiri, amene sangathenso kuteteza njira yawo yopumira. Lilime limagwera kumbuyo, masanzi amalowa m'mapapo. Pamenepo ntchito yanu yoyamba ndi mpweya: kutsegula njira yopumira mosamala khosi, makina oyamwa makhololo pafupi, okosijeni, ndi kuitana a mankhwala ogonetsa.

Muziona tsono chifukwa chake ndimakana nambala imodzi yokha pa tchati. E4 V1 M4 ndi E2 V2 M5 onse ndi 9, koma ndi anthu awiri osiyana, ndipo wobwera m'mawa sangadziwe chimene chasintha ngati munangolemba 9. Gawo limene silingayesedwe, monga maso otupa kapena pakamwa pamene pali chubu, lembani NT ndi chifukwa chake, osalemba 1, ndipo musaphatikize zonse pamodzi. Mukaika 1 pa maso otupa, mwamutsitsa munthu ndi mapointi amene sanataye. Popatsirana lipoti, yesani wodwalayo limodzi ndi amene akukulandirani, awiri pa bedi limodzi, kuti M4 wanu akhale M4 wake.

Mukapita ku wodi ya ana, musafunse mwana wa chaka chimodzi kuti tili mwezi wanji. Kwa ana osalankhula tili ndi sikelo ya Blantyre, imene a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor ndi anzawo anaikonza pa chipatala cha Queen Elizabeth pogwira ntchito ndi ana odwala malungo a mu ubongo, n'kuisindikiza mu 1989. Imeneyo imayambira 0 kufika 5: ngati maso akutsatira nkhope ya mayi ake, mmene akulirira, ndi mmene akuyankhira ululu. Mwana wa 2 kapena kutsika apo ali chikomokere. Pamwamba pa tchati muzilemba sikelo imene mwagwiritsa ntchito, chifukwa 5 wa Blantyre ndi mwana amene ali maso bwinobwino, pomwe 5 wa Glasgow ndi munthu amene ali pafupi kufa.