Mphindi Sizifanana: Mtengo wa Kulemba Mawu Ojambulidwa

Mabungwe ochita kafukufuku m'midzi amajambula zokambirana, kenako amafuna munthu woti amvetsere ndi kulemba zonse zomwe zayankhulidwa. Ambiri amalipira pa mphindi iliyonse ya mawu ojambulidwawo. Njirayi ili ndi ubwino wake, chifukwa wolemba ndi womulemba ntchito amadziwiratu ndalama zonse ntchito isanayambe. Koma ine ndikuona kuti mtengo umodzi wa mphindi iliyonse umapondereza wolemba, ndipo mapeto ake umawononganso kafukufukuyo.

Odziwa ntchitoyi amawerengera kuti ola limodzi la mawu omveka bwino limatenga pafupifupi maola 4 kuti lilembedwe. Apa tikunena za anthu awiri okhala m'chipinda chabata, wina akufunsa, wina akuyankha. Tiyerekeze kuti mwagwirizana K1,000 pa mphindi. Ola lonse ndi K60,000, kutanthauza K15,000 pa ola lililonse lomwe wolemba wakhala pa kompyuta.

Tsopano tengani ola lina, lojambulidwa pansi pa mtengo wa mango ku Mangochi. Amayi 10 akukambirana za sikelo ya ana. Foni yojambulira ili pa mpando pafupi ndi wofunsa, choncho mawu ake akumveka kwambiri pamene a mayi wakhala kumapeto kwa mphasa akuchita kuzimirira. Mphepo ikuomba, mwana akulira kumsana, ndipo nkhani ikafika pokoma amayi atatu amayankhulira pamodzi, wina n'kulowa m'Chiyao. Wolemba amabweza kachigawo ka masekondi 10 kangapo konse kuti adziwe yemwe wayankhula ndi chomwe wanena. Ntchito yotereyi itha kudya maola 8 kapena kuposerapo. Pa K60,000 yomwe ija, wolemba akulandira K7,500 pa ola, theka la malipiro pa ntchito yotopetsa kuposa yoyamba ija.

Munthu akaona kuti akuluza, amayamba kuthamanga. Pomwe sakumva amangolemba zomwe akuganiza kuti zinanenedwa, ndipo pomwe atatu atsutsana amalemba chiganizo chimodzi chosalala ngati onse anavomerezana. Wofufuza amawerenga kuti amayi akukhutira ndi chipatala, chonsecho mayi wa kumapeto uja anadandaula za mtunda koma mawu ake anatayidwa. Zolemba zotere zimadziwika. Aliyense amaoneka kuti anayankhula ziganizo zathunthu, palibe wodula mnzake pakamwa, ndipo m'ola lonse lojambulidwa pabwalo mulibe ngakhale malo amodzi osonyeza kuti mawu sanamveke.

Nchifukwa chake wolemba asatchule mtengo asanamvetsere. Atenge mphindi ziwiri koyambirira, ziwiri pakati, ndi ziwiri chakumapeto. Koyambirira kokha kumanamiza, popeza pamenepo amayankhula ndi wofunsa yekha, anthu akadali chete ndi manyazi. Akamva, aike ntchitoyo pa mlingo wake: yomveka bwino pa mtengo wamba, ya anthu ambiri kapena yaphokoso awonjezere theka, ya zinenero zosakanikirana kapena yosamveka kwambiri achulukitse kawiri. Agwirizanenso ngati akufunika kulemba chilichonse, kuphatikizapo kuseka, kudodoma ndi kubwereza mawu, chifukwa zimenezi zimatalikitsa ntchito. Ndipo pomwe mawu akanika kumveka atabweza katatu, alembe chizindikiro ndi nthawi yake, monga [sizikumveka 00:14:32], kuti wofufuza akamvetsere yekha kapena akafunse yemwe anajambula.

Kumasulira zolembazo m'Chingerezi ndi ntchito ina, ndipo ikhale ndi mtengo wakewake. Apa pamafunika kunena poyera kuti mawu owerengedwa ndi a mbali iti. Chichewa chimamanga zambiri m'liwu limodzi, moti "sindidzabweranso" amasanduka mawu asanu m'Chingerezi. Womasulira akavomera mtengo wozolowereka pa mawu a Chingerezi, koma owerengedwa n'kukhala a Chichewa, ndiye kuti wadzidula yekha malipiro.

Olemba ntchito ena amati bajeti inakonzedwa kale pa mphindi, ndipo mitengo itatu ikusokoneza mawerengedwe. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma gawo lalikulu la vutoli lili m'manja mwawo. Kuika chojambulira pakati pa bwalo, kusankha kalasi kapena tchalitchi m'malo mwa pamtetete, ndi kupatsa aliyense nambala yoti atchule asanayankhule, kumatsitsa ntchito kuchoka pa mlingo wachitatu kufika pa wachiwiri. Mtengo ukamatsatira kamvekedwe ka mawu, wojambula amakhala ndi chifukwa chosamalira, ndipo wolemba amapeza nthawi yomvetsera aliyense amene anayankhula.