Mtsutso: Kodi Wokonda Mabuku Ayambire pa Gemu Yomusenzetsa Mlandu?

Amalume awerenga mabuku a nthano moyo wawo wonse, koma sanasewerepo gemu pa kompyuta. Mphwawo akufuna ayambire pa Papers, Please. Mlongo wake akukana.

MPHWA: Amalume, gemuyi anaipanga Lucas Pope mu 2013. Mumakhala woyang'ana mapasipoti pachipata cha dziko lopeka la Arstotzka, m'chaka cha 1982. Malipiro anu amatengera anthu amene mwawathandiza molondola, ndipo madzulo mumalipira lendi, chakudya ndi moto wotenthetsera nyumba. Tsiku lina bambo amabwera ndi mapepala okwanira, n'kupempha kuti muchitire chifundo mkazi wake amene ali pambuyo. Mkaziyo alibe chilolezo cholowera. Chidindo chili m'manja mwanu.

MLONGO: Vuto langa lili pomwepo, achimwene. Okonkwo akamapha Ikemefuna m'buku la Achebe, wowerenga amamva chisoni ali chapatali, n'kuweruza bwino. Apa mukufuna amalume abweze mayi wosalakwa ndi dzanja lawo. Kumeneko n'kuzoloweretsa munthu nkhanza.

MPHWA: Saumirizidwa, achemwali. Akhoza kumulowetsa. Zolakwa ziwiri zoyamba patsiku amangochenjezedwa, chindapusa chimayambira pa chachitatu. Ndiye munthu amayamba kusunga zolakwa ziwirizo kuti achitire ena chifundo, n'kumadzifunsa kuti woyenera ndani. Buku silingakufunseni zimenezo.

AMALUME: Ine nkhawa yanga ndi mathero. Ndikasankha molakwika, nkhani ndaiwononga? Sindifuna kuwerenga buku long'ambika masamba omaliza.

MPHWA: Mathero alipo 20, amalume, ena ndi a kundende. Koma mutha kubwerera tsiku lililonse lapitalo n'kuyambiranso.

MLONGO: Ndiye mlanduwo uli pati, ngati tchimo limafufutika chonchi? Komanso mwabisa za wotchi. Nthawi imathamanga uku munthu akuyerekeza chithunzi, dzina ndi tsiku lothera pasipoti. Wosazolowera mausi athandiza anthu ochepa, ndalama ziperewera, mwana adwala. Banja lidzafa chifukwa cha dzanja lochedwa, mtima wawo usanayesedwe n'komwe.

MPHWA: Za wotchi mukunena zoona. Koma pa Settings pali Easy Mode, imene imawonjezera ndalama 20 tsiku lililonse.

MLONGO: Mukatero mwachotsa njala imene mumati ndiyo mphunzitsi. Ayambire pa 80 Days ya 2014, yochokera m'buku la Jules Verne. Amakhala Passepartout, wantchito wa Phileas Fogg, ndipo ntchito yaikulu ndi kuwerenga Chingerezi n'kusankha chiganizo chotsatira. Mmenemo muli ziganizo zokoma. Mu gemu yanuyo anthu amayankhula mawu awiri atatu basi.

MPHWA: Ya Fogg ndi yofewa pa dzanja, inde, koma singawasowetse tulo.

AMALUME: Tulo ndimalifuna, mphwanga. Ndiyamba ndi Fogg kuti dzanja lizolowere. Koma mayi uja ndikadzakumana naye ndidzamulowetsa.

MLONGO: Munenenso zimenezo mwana akudwala, ndalama ya mankhwala palibe, amalume.