Muziwerenga malata, osati makwacha

Ana anga, khalani pansi, ngakhale pa matumba a simentiwo. Tatseka msanga lero kuti ndikutsanzikeni tisanabalalike kupita ku depoti. Kuyambira Lolemba, makiyi a sitolo ino adzakhala m'manja mwa amayi amene mwakhala mukuwatcha achiwiri anga. Sindikuchoka chifukwa cha mkangano kapena matenda. Maso atopa ndi manambala, ndipo ndi bwino kutula katundu miyendo ikadali yolimba.

Pa chikwangwani panja palembedwa dzina limodzi, koma sitoloyi inamangidwa ndi misana ya anyamata otsitsa malata m'lole dzuwa lili paliwombo, ndi amayi a pa kauntala amene amapirira makasitomala aukali, ndi alonda amene amagona panja mu Juni ife tili m'bulangete. Zikomo nonse. Mphatso yokwana kukubwezerani ndilibe, choncho ndikusiyirani chinthu chimodzi chimene Malangalanga yandiphunzitsa.

M'msewu uno ndaona masitolo ambiri akutsekedwa, ndipo si onse amene anaberedwa kapena kupsa. Ena anatsekedwa eni ake akusekerera, buku likuonetsa phindu mwezi ndi mwezi. Chinawadya ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2012 dola imodzi inachoka pa K168 n'kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 a Reserve Bank analengeza kuti yatsika ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Achinyamata inu mudzazionanso zimenezi muli pa kauntala pano, n'chifukwa chake ndikufuna mumvetse masamu ake.

Tiyerekeze kuti taoda malata 100, lililonse pa K10,000, ndipo tikugulitsa pa K12,000. Kwacha yagwa usiku. Zitsulo zopangira malata zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi dola, ndiye tinene kuti kufakitale mtengo wafika pa K14,400. Ife m'mawa tatsegula, tikugulitsabe pa mtengo wakale. Anthu adzadza sitolo, pofika masana malata atha, m'kabati muli K1,200,000. Buku likuti tapindula K200,000. Tsopano tengani ndalamazo mupite ku Kanengo kukaoda ena. Mubwerako ndi malata 83. Malata 17 asowa popanda wakuba, ndipo lendi, magetsi ndi malipiro anu sitinachotse. Mukachita zimenezi kawiri kapena katatu, mashelefu amayamba kuoneka mipata, mwini sitolo n'kumanena kuti amulodza.

Ndiye poika mtengo, musayambe ndi kufunsa kuti tinagula zingati. Yambani ndi kufunsa kuti tikagulitsa ili, lina lobwera m'malo mwake tiligula zingati. Ndipo kumapeto kwa mwezi, musanasangalale ndi makwacha, lowani m'nyumba yosungira katundu muwerenge malata, zitini za penti ndi makilo a misomali, muyerekeze ndi mwezi watha. Ngati ndalama zachuluka koma katundu wachepa, sitolo ikuonda.

Zizindikiro zimaoneka boma lisanalengeze. Otiodetsa akayamba kunena kuti mtengo ndi wa lero lokha, akayamba kukana kulemba koteshoni ya mwezi wathunthu, katundu amene amabwera m'sabata imodzi akamachedwa chifukwa choti kubanki kulibe ndalama zakunja, ndiponso mtengo wa dola wa pamsewu ukatalikirana kwambiri ndi wa kubanki, dziwani kuti nthawi yayandikira. Nyengo ngati imeneyo ndalama zisagone m'kabati kapena ku akaunti. Zisandutseni katundu amene amayenda msanga, osati matailosi okongola amene adzakhale chaka chonse akudikira munthu wa ku Eriya 10.

Koma pano mundimve bwino, chifukwa ena amatenga nzeru imeneyi n'kuisandutsa umbava. Kwacha ikagwa ndi 44 peresenti, si chilichonse chimene chimakwera ndi 44 peresenti. Matabwa a ku Chikangawa sagulidwa ndi dola, angakwere pang'ono chifukwa cha mafuta a lole, basi. Kwezani motsatira pepala la mtengo watsopano limene otiodetsa atumiza, ndipo pepalalo lisungidwe mu faelo, kuti kasitomala akadandaula, kapena a bungwe loona za mpikisano pa malonda akabwera kudzafunsa, muwaonetse. Kubisa katundu kuseri kuti mtengo ukwere kaye, ayi, pano sitichita. Munthu amene wasunga ndalama za fodya wake chaka chonse kuti afolere nyumba ku Mitundu sadzaiwala sitolo imene inamuuza kuti malata atha pomwe iye akuwaona pazenera.

Nkhani ya ngongole ili m'thumba lomweli. Kontilakitala atenge malata 50 mu Okutobala pa K12,000, adzalipire K600,000 yake mu Febuluwale. Iye walipira zonse, chikumbumtima chake n'choyera, koma ndalamazo zikugula malata 41 okha. Choncho ngongole isapitirire masiku 30, ilembedwe, asayine, ndipo amene sanamalize yakale asatenge yatsopano ngakhale atakhala mlamu wanga. Ndikutchula mlamu dala, chifukwa ndikachoka ena adzabwera n'kumati abwana akale ankatipatsa. Afunseni pepala. Maofesi akuluakulu nawo amabwera ndi maoda onona, koma ena amalipira patatha miyezi yambiri. Oda yotere muilandire pokhapokha sitolo ingathe kupuma ndalamazo zisanabwere.

Kwa inu mayi amene mukutenga mpando, pali ndalama ziwiri zimene zidzakuyesani pa nthawi ya mavuto. Yoyamba ndi msonkho wodulidwa pa malipiro, umene uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Yachiwiri ndi ya penshoni, 5 peresenti ya wantchito ndi 10 peresenti ya olemba ntchito, monga lamulo lakhala likunenera kuyambira 2011. Mtengo wa malata ukamakwera tsiku ndi tsiku, mtima umanong'ona kuti tibwereke kaye izi tiode katundu, tidzabweza mwezi wamawa. Ndalamazo si za sitolo. Za penshonizo ndi za alonda awa akadzakalamba. Inunso antchito muli ndi ufulu wofunsa sitetimenti ya penshoni yanu, ndipo mukafunsa musaope kuti mukunyoza abwana.

Ndikuchoka ndi mtima wokhazikika chifukwa ndakuonani. Pamene ine ndinkawerenga ndi pensulo usiku wonse, anyamata a ku akaunti amatulutsa chiwerengero cha katundu pa kompyuta tiyi asanazizire. Makasitomala ambiri tsopano amalipira pa foni, ndipo ndinu amene munandiphunzitsa kudikira uthenga wotsimikiza katundu asanatuluke pakhomo. Lilongwe ikumangidwa mbali zonse, ku Eriya 49, ku Eriya 25, njira ya ku Bunda, ndipo nyumba iliyonse idzafuna denga. Zambiri mudzazichita mosiyana ndi ine, ndipo zina mudzazichita bwino kundiposa.

Pempho langa lomaliza ndi ili. Kuyambira Lolemba, wina asandiimbire foni kufunsa mtengo kapena kudandaula za tchuthi. Pitani kwa amayiwa, ndipo akalamula zosiyana ndi zimene ndinkachita, muwamvere. Koma ukwati, chinkhoswe kapena maliro, mundiuze, ndidzabwera. Amene ndinamulankhula mokalipa pa ntchito, tionane pambali tisanapite, tigwirane chanza. Tsopano tsegulani mafanta aja, a ku Kawale ndi ku Chinsapo angasowe minibasi.