Moni Wofunsa ndi Moni Wodalitsa

Werengani: Numeri 6:22-27, Yakobo 2:15, 16.

Moni wa masiku onse ndi funso. Tikati, "Mwadzuka bwanji, amayi?" timaima ndi kudikira yankho, ndipo mwina timafunsanso za ana ndi za kumunda. Koma mdalitso sufunsa kanthu. Iye wonena kuti, "Ambuye akudalitseni," waitana wachitatu pakati pa anthu awiri, pakuti chimene akufunira mnzake sichili m'manja mwake. Pa Numeri 6:27 ansembe angotchula dzina la Yehova pa anthu, koma wodalitsa ndi Mulungu mwini.

Apa pali ngozi. Popeza mdalitso sudikira yankho, ungathe kusanduka njira yozembera mbale wathu. Taganizirani Sabata lotsatira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi ndi matope zinakokolola nyumba ndi minda ku Phalombe. Mayi wamasiye wafika pakhomo pa tchalitchi, chimanga chake chonse chitapita. Mkulu wa mpingo amgwira chanza nati, "Sabata labwino, amayi, Mulungu akudalitseni," napitirira. Sananame, komanso sanamve kanthu. Akanayamba wafunsa kuti, "Kunyumba mwasiyako bwanji?" akanadziwa kuti ana agona ndi njala. Yakobo atichenjeza kuti kufunira wosowa mtendere, osampatsa chakudya ndi chovala, n'kopanda phindu.

Chomwecho moni wamba utsogole, mdalitso utsatire. Funso litidziwitsa chosowa cha mbale, ndipo wotchula dzina la Mulungu pa chosowacho wadzipereka yekha kukhala dzanja lodzeramo mdalitsowo.

Funso lokambirana: Kodi Sabata lapitali munadalitsa angati osamva m'mene adzukira?